Nsalu Yaludzu

Chaka chilichonse, mwezi wa Okutobala ukafika pakati, dzuwa likamaotcha malata a ku Kapata mpaka kumalira okha, Olipa Sakala ankayanika nsalu imodzi yaitali kuseri kwa nyumba yake. Inali yoyera mbee, yopanda duwa kapena mzere, mamita asanu ndi imodzi, ndipo inkadzaza chingwe chonse kuchokera pamtengo wa mango mpaka pamzati wa bafa. Anthu oyandikana naye ankaitcha mbendera ya a Olipa. Ankati ikakwera ndiye kuti mvula yayandikira, aliyense anole khasu lake. Olipa ankaseka nawo, madzulo n'kuianula, kuisita, ndi kuibweza m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi.

Nkhani ya nsaluyo inali iyi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, Olipa ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, anatsikira ku Down Shops n'kugula nsalu ya fulanelo, ya thonje lokhalokha, yaubweya wofewa, kuti adulemo matewera ndi timalaya. Apongozi ake atamuona akulowa nayo m'nyumba anagwira pakamwa.

"Mwana samugulira nsalu asanamuone nkhope," anatero. "Mwamutsogolera."

Olipa anali mtsikana wa m'tauni, wophunzira kusoka kwa masisitere, ndiye anaseka chamumtima. Patapita milungu isanu, kumudzi kwa apongoziwo, mwana anabadwa osalira. Amayi achikulire anamunyamula masana omwewo n'kukamuika kumene Olipa sanauzidwe mpaka lero. Mtayo saulira maliro, anamuuza, ungatseke njira ya anzake. Sunga khosi, mkanda uoneka. Olipa anamvera. Sanagwetse msozi ngakhale umodzi, khosi analisunga ndithu, koma mkandawo sunaoneke. Bambo wa m'nyumba anadikira zaka zinayi n'kupita kukakwatira ku Katete.

Chimene chinatsala ndi nsaluyo. Kuitaya sakanatha, kuidula sakanatha. Manda oti akasesepo analibe, ndiye ankachapa. Ankaichapa ndi sopo wamtanda wopanda fungo, n'kuitsukuluza katatu, ndipo poipinda ankasintha mapindidwe kuti isathe m'makwinya. M'bokosimo sankaikamo mankhwala a njenjete, chifukwa nsalu ya khanda siyenera kununkha zimenezo. Inde, mutha kuseka, khanda lake liti? Koma Olipa ankatero basi. Ndipo pansi penipeni pa mtima wake, pamene ngakhale abambo mfumu sanafikepo polapitsa, ankakhulupirira kuti apongozi aja ananena zoona, kuti nsaluyo ndi imene inathamangitsa mwana wake.

Chodabwitsa n'chakuti mayi yemweyu ndiye ankaveka theka la makanda a ku Kapata. Makina ake osokera ankakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, ndipo amayi oyembekezera ankabwera ndi nsalu zawo kuti aziyeze asanadule. Olipa sankakhulupirira maso, sankakhulupiriranso dzanja. Dzanja la mayi wa ku Chipata latha ndi makasu ndi sopo, silingasiyanitse chiguduli ndi silika. Iye ankaika nsalu patsaya, n'kutsinzina. Akatero ankaviika chala m'kapu n'kudonthezera dontho limodzi, kuona ngati nsaluyo imwa kapena dontholo lingokhala pamwamba ngati mame patsamba la koko. Akakayikirabe ankasolola ulusi n'kuuyatsa ndi machesi. Thonje limapsa ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, pamene poliyesita amanyala, kusungunuka, n'kuuma kampira kakuda.

"Nsalu ya mwana iyenera kumwa," ankatero. "Imwe msanga, iume msanga, ndipo isalume. Maluwa ndi anu amayi, mwana saona maluwa."

Chaka chimene tikunenachi, kumapeto kwa Januwale, m'nyumba mwa Olipa munalowa khanda koyamba. Tiyanjane, mwana wa malemu Edita, mng'ono wake wa Olipa, anachoka ku Madzimoyo kudzachirira m'tauni pafupi ndi chipatala. Mwamuna wake Mandla ankayendetsa thiraki yodutsa malire pa Mwami, ndipo pakhomo ankaoneka ngati mwezi, kamodzi pakanthawi. Mwana anabadwa kutatsala milungu itatu, kamtsikana kochepa ngati nkhunda, khungu lake lopyapyala mwakuti timitsempha tinkaoneka. Anamutcha Pemphero. Mandla anaima masiku awiri, chimwemwe chili tho, n'kusiya matewera asanu ndi limodzi a thaulo lochindikala, ndi mpukutu wa nsalu yabuluu yojambulidwa tizimbalangondo, yofewa ngati mwana wa mphaka. Anaigula ndi mtima wonse, munthu wosauka uja, ndipo palibe amene angamuimbe mlandu pa chikondi. Olipa anaigunda patsaya, n'kunena kuti ikhala bulangete labwino, n'kuiika pambali.

Kenaka kunabwera mvumbi. Sinali mvula yamabingu imene imagwa n'kupita, inali ija yowaza pang'onopang'ono ngati munthu wosafuna kutsanzika. Mapiri ozungulira Chipata analowa m'nkhungu n'kukhala komweko. Masiku anayamba kufanana, m'mawa ngati madzulo, madzulo ngati m'mawa, ndipo Olipa nthawi zina ankadzidzimuka ali pamakina osadziwa ngati wadya kale kapena ayi. Matewera a thaulo aja ankamwa bwino, palibe angawanamizire, koma kuuma ankakana. Ankawayanika pakhonde pafupi ndi mbaula, masiku awiri osauma, m'kati mwake muli chinyezi ndi fungo la utsi. Madayapa otaya amene Tiyanjane anatsala nawo ankasungira ulendo wa kusikelo. Olipa anadula zitenje zake ziwiri zakale za thonje, koma zinali zitapyapyala, mwana akangokodza kamodzi zonse nyowe. Zitenje zina zonse m'nyumbamo zinali za masiku ano zija zonyezimira, zosamwa ngakhale thukuta.

Tsiku lachisanu ndi chinayi la mvumbi, Olipa ali kuntchito, Tiyanjane anasowa thewera louma ngakhale limodzi. Anayang'ana uku ndi uku, maso n'kugwera pa mpukutu wa tizimbalangondo. Nsalu yofewa chotere, youma msanga chotere, yogulanso bambo wa mwana, ingalakwe chiyani? Anadula zidutswa zinayi, n'kumuveka mwana, pamwamba n'kuika kabudula wa pulasitiki. Anachita zimenezi masiku awiri, akusangalala kuti wapeza nzeru, pakuti zidutswazo akazichapa zinkauma pa ola limodzi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nsaluyo inkauma msanga chifukwa sinkamwa kanthu. Mkodzo unkangodutsa n'kukaima m'pulasitiki, mwana n'kumagona m'dziwe lake lomwe.

M'mawa wa tsiku lachitatu Olipa anamva kulira kwachilendo, kosasa, kwa mwana amene watopa nako kulira. Atamuvula anapeza m'mphechepeche ndi kumatako kuli psu, khungu likunyezimira ngati lapsa ndi madzi otentha.

"Tiyanjane, mwana wanga, wamuveka chiyani?"

"Ija ya atate ake, Amayi aakulu. Ni yofewa."

"Yofewa! Nayenso bowa wakupha ndi wofewa."

Tiyanjane anayamba kulira, Olipa n'kudzimvera chisoni chifukwa cha lilime lake. Mtsikanayo anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, analibe mayi, ndipo anali asanagone tulo tenitenti kwa milungu itatu. Tiyanjane anabereka mwana kumbuyo, awiriwo n'kupita naye kuchipatala pansi pa ambulera imodzi. Namwino, mayi wamtali dzina lake Hazel, anayang'ana n'kupukusa mutu. Anati khungulo silinatseguke, koma latsala pang'ono, ndipo mwa mwana wochepa chotere zilonda zikatseguka si nkhani yamasewera. Anawapatsa mafuta oyera opaka. Pulasitiki ayi. Mwana azimusiya wosavala kuti apitidwe mphepo, ndipo akavala, avale thonje louma bwinobwino, lochapidwa kale, losinthidwa nthawi iliyonse akanyowetsa, kaya ndi kakhumi patsiku.

"Louma, amayi, osati lofunda chabe," anatero Hazel. "Mubwere naye Lachisanu nimuone."

Olipa anamva mawuwo ndipo nthawi yomweyo anaona bokosi lachitsulo lija m'maganizo mwake, ngati kuti wina walikoka pansi pa bedi n'kuliika pakati pa chipatala. Anatembenuza nkhope. Anaperekeza Tiyanjane kunyumba, n'kutenga kachikwama kake kamene munkakhala machesi ndi kabotolo ka madzi, n'kunena kuti akupita kukafuna nsalu.

Tauni tsiku limenelo inali ngati yomizidwa. Anjinga onyamula anthu ankatulukira m'nkhungu atafunda mapepala apulasitiki, n'kuzimiriranso osamveka ngakhale belu. Nsanja za mzikiti zinkaoneka theka, ngati zikulendewera kumwamba popanda chozigwira. Olipa ankayenda pang'onopang'ono, madzi akulowa m'nsapato, ndipo ankamva ngati akuyenda m'zaka ziwiri nthawi imodzi. Njira yake inali yomweyo imene anatsika ali wolemedwa, akupuma pamakona, dzanja lili pamsana. Panthawiyo kunali dzuwa. Anakumbukira kuti anagula nzimbe pobwerera, ndi kuti mwana anam'ponda m'mimba pamene wogulitsa ankang'amba nsalu, ngati wamva phokosolo n'kuvomera.

M'sitolo ya nsalu munali fungo lomwe lija la utoto ndi fumbi. Philemon, amene wakhala akuyeza nsalu kuseri kwa kauntala kuyambira ali ndi tsitsi lonse, anamulandira ndi manja awiri.

"Amayi Sakala! Mvula yonse iyi? Mufuna chani lelo?"

"Fulanelo ya mwana. Ya kotoni, a Philemon, osati zija mumagulitsa kwa azibambo."

Philemon anaseka n'kutsitsa mpukutu wachikasu wa tiabakha. "Iyi yabwela manje manje, ni yatsopano. Gwilani chabe mumve."

Olipa anaiika patsaya. Inali yofewa ndithu, koma kufewa kwake kunali koterera, kofunda msanga. Anadonthezera madzi. Dontho linakhala pamwamba, lozungulira, likumuyang'ana. Anasolola ulusi kumphepete, n'kupita pakhomo, n'kuuyatsa. Unanyala n'kusiya kampira kakuda kolimba pakati pa zala zake.

"Iyi ndi mbale wake wa jumbo," anatero.

"Ah, imwe amayi, simunamizika." Philemon anakwera pampando n'kutsitsa mpukutu wina woyera kuchokera pamwamba penipeni. "Iyi ni kotoni ya zoona. Yesani na machesi yonse."

Ulusi wake unapsa bwino, fungo la pepala, phulusa lotuwa lofewa. Koma dontho linakhalanso pamwamba nthawi yaitali lisanalowe, ndipo Olipa sanadabwe. Thonje latsopano limabwera litapakidwa sitachi ya kufakitale, ndipo limafuna kuchapidwa katatu kapena kanayi, kuuma pakati pake, lisanaphunzire kumwa. Kukhala Okutobala, imeneyo ndi ntchito ya tsiku limodzi. Koma ndi mvumbi uwu? Anawerenga masiku pazala n'kupeza kuti Lachisanu lifika nsaluyo idakali pachingwe. Anagulabe mamita awiri kuti asatuluke chimanjamanja.

Anadutsira kusalaula, kumsika wa zovala zakale, poganiza kuti mwina apeza shiti yakale ya fulanelo, imene eni ake kutsidya kwa nyanja anaichapa kale kambirimbiri. Matebulo ambiri anali ovindikira ndi matenti. Mayi wina anafukula mulu wake n'kutulutsa imodzi yamizeremizere, ya thonje ndithu. Olipa ataitambasula anaona timadontho takuda ta chuku kuyambira pakona mpaka pakati, ndipo fungo lake linam'fika kukhosi. Anaibweza mwaulemu. Anaima pakati pa matope, mvula ikuwaza pa ambulera, n'kudziwa kuti wayenda tauni yonse kuthawa nsalu imene ili pansi pa bedi lake.

Atafika kunyumba masana anapeza Tiyanjane atakhala pamphasa, mwana atamugoneka wosavala pa thaulo limodzi lokha limene linali louma. Pemphero sankaliranso mokweza, ankangodandaula ngati kamwana ka mbuzi, miyendo akuikoka. Pakhonde matewera asanu ankadontha. Olipa anaviika nsalu yatsopano ija m'beseni, n'kuichapa, n'kuiyanika pambali pa anzake, ndipo inalendewera pamenepo yolemera, youma gwa ngati chikopa ngakhale inali yonyowa. Ali chomwecho anamva Tiyanjane akuti, "Mayo, wanyowetsanso," ndipo thaulo lomaliza lija linapita m'beseni.

Olipa analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Anagwada, n'kukoka bokosi. Inali nthawi yoyamba kulitsegula mu Febuluwale, ndipo anamva ngati akudzutsa munthu nthawi yake isanakwane. Anachotsa shiti yokulungira. Nsaluyo inali momwemo, youma, yozizirira, ikununkha dzuwa la Okutobala. Anaiika patsaya n'kutsinzina, ndipo m'zaka zonse za ntchito yake anali asanakhudzepo nsalu yofewa chotero. Kuchapa kakhumi ndi kasanu ndi kanayi kunali kutachotsa chilichonse cholimba mwa iyo. Telala wa mwa iye anadziwa pomwepo kuti m'Chipata monse mulibe ina yoposa iyi. Koma mayi wa mwa iye anachita mantha, mantha enieni. Ikakhala kuti apongozi aja ananena zoona? Ikatenganso uyu? Ndipo akaidula, Okutobala akadzafika adzayanika chiyani, adzapita kuti kukaona mwana wake?

Anakhala pansi nthawi yaitali nsalu ili pamiyendo. Kuseri kwa chitseko kudandaula kuja kunkapitirira, kochepa, kosatopa. Pamapeto pake ananyamuka, chifukwa mawondo anayamba kuwawa, n'kutuluka nayo.

"Mbendera!" anatero Tiyanjane, amene anaionapo kamodzi ali wamng'ono. "Si mbendera yanu ija?"

"Khala chete, ndikuuze kaye. Ukamva, uweruze wekha, pakuti mwana ndi wako."

Ndipo Olipa ananena zimene anali asananenepo kwa munthu aliyense, ngakhale kwa malemu Edita. Ananena za nzimbe ija, za mawu a apongozi, za mwana amene anatuluka chete, za amayi amene anamunyamula kupita naye kuseri kwa nkhokwe n'kubwerako manja ali lende. Sanakometse kanthu. Mawu ake anali ouma, ngati akuwerenga miyeso ya diresi.

"Ndiye nsaluyi ndinagulira mwana wakufa," anamaliza. "Ena anganene kuti ili ndi tsoka. Inenso ndakhala ndikuganiza choncho. Ukaikana sindikwiya, ndipo Mandla sadzamva kuti ndinakuonetsa."

Tiyanjane anayang'ana mwana wake, n'kuyang'ana nsalu. Ku Madzimoyo kwawo nkhani zotere sazitenga mopepuka, ndipo Olipa anaona mantha akudutsa pankhope ya mtsikanayo ngati mthunzi wa mbalame.

"Munaona nkhope yake?" anafunsa chapansipansi.

"Ayi. Anangoti anali wamkazi."

"Akanakhala mkulu wanga."

"Mng'ono wako. Iwe unali ukuyenda kale."

Tiyanjane anatambasula dzanja, n'kukoka nsonga ya nsaluyo, n'kuiika patsaya monga ankaonera mayi ake aakulu akuchitira. Anatsinzina, ndipo anakhala chotsinzina nthawi yaitali mwakuti Olipa anaganiza kuti tulo tamuba. Kenaka anaviika chala m'kapu ya madzi imene inali pambali pa mphasa, n'kudonthezera. Dontholo silinaime ngakhale pang'ono. Linalowa pomwepo, n'kusiya kabwalo kotuwa kamene kanafalikira mwakachetechete. Anadonthezeranso lina, nalonso linamwedwa.

"Amayi aakulu," anatero, "nsalu iyi ilibe tsoka. Ili ndi ludzu chabe."

Olipa anapita kukatenga sizasi yake yaikulu ndi tepi.

Anaiyala patebulo. M'lifupi inali mita ndi theka, ndiye inkatulutsa matewera awiri pamzere uliwonse, ofanana mbali zonse zinayi. Anayeza, n'kulemba ndi choko, n'kuyezanso, ngakhale anali asanalakwitsepo muyeso chiyambire. Sizasi italuma koyamba, phokoso lake linali laling'ono kwambiri, kwee, ngati munthu wapuma. Denga silinagwe, mvula sinasiye, mwana sanasinthe kaliridwe. Olipa anapitiriza kudula.

Thewera loyamba sanadikire n'kulipendera komwe. Analisita ndi simbi yamakala, n'kudikira kuti lizizire, n'kulipinda katatu kuti pakati pachindikale. Tiyanjane anasambitsa mwana ndi madzi ofunda opanda sopo, n'kumupukuta mongogunda osakhula, n'kumupaka mafuta a kuchipatala aja. Olipa anamunyamula timiyendo, n'kulowetsa nsalu pansi pake, n'kuimanga momasuka kuti mphepo izilowa. Pemphero anadandaula kawiri, n'kutambasula mwendo umodzi, kenaka winawo. Anayasamula, kakamwa konse kopanda dzino, n'kugona.

Masana onsewo Olipa anakhala pamakina amanja amene ankasunga kunyumba. Anapendera matewera khumi ndi awiri ndi mpendero wopyapyala wosaluma. Pa nsalu yotsalayo anadula timalaya tinayi totsegula kutsogolo, tomanga ndi tizingwe m'malo mwa mabatani, misoko yake n'kuitulutsira kunja kuti isakhudze khungu. Zidutswa zing'onozing'ono anazisandutsa topukutira. Pofika nthawi yoti anthu aziweruka, pa mamita asanu ndi imodzi aja panalibe chotsala choposa chikhatho. Tiyanjane anali atagona pambali pa mwana wake, pakamwa pali yasa, ndipo Olipa anamufunditsa bulangete la tizimbalangondo lija, limene tsopano linapeza ntchito yake yeniyeni.

Ndipo ubwino wa thewera lopinda ndi umenewu, kuti ukalichapa umalitambasula n'kukhala nsalu imodzi yopyapyala. Pakhonde, pafupi ndi mbaula, matewera a fulanelo ankauma m'maola ochepa, a thaulo aja akadali kudontha. Olipa ankamaliza lililonse ndi simbi yotentha, kuchotsa chinyezi chotsala ndi kupha mazira a ntchentche zija zoika mphutsi pa zovala zonyowa. Lachisanu namwino Hazel anavula mwanayo, n'kuona kuti kufiira kwazilala, pangotsala kusupuka pang'ono ngati khungu la mbatata yophika. Anagwira thewera pakati pa zala n'kufunsa kumene anagula nsalu yotere.

"Ni yakale," anatero Tiyanjane. "Inali ya mng'ono wanga."

Koma ndathamanga. Ndibwerere ku tsiku lija la sizasi, chifukwa pali chimene ndasiya.

Dzuwa lisanalowe, ngakhale dzuwalo palibe analiona, Pemphero anadzuka n'kuchita zimene makanda amachita, ndipo sanachite monyinyirika. Tiyanjane anamusintha, n'kunyamula thewera loyamba lija kuti akalichape, koma Olipa anamulanda.

"Leka. Ili ndichapa ine."

Anatuluka nalo kuseri, pansi pa mtengo wa mango, pamene ankachapira Okutobala aliyense. Mvula inkawaza pamsana pake ndipo sanasamale. Analitambasula. Pakati pa kuyera konse kuja panali banga lachikasu, lalikulu, lonunkha mkaka wosasa. Olipa analiyang'ana ngati munthu woyang'ana kalata imene anaidikira mpaka kuiwala kuti ikubwera. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi wakhala akuchapa nsalu yoyera, kutikita popanda chotikita, kutsukuluza madzi oyera m'madzi oyera. Anathira madzi, n'kupaka sopo, n'kuyamba kutikita, ndipo madzi a m'beseni anada.

Pamenepo ndi pamene kulira kunabwera. Sikunali kulira kwaulemu kopukuta ndi nsonga ya chitenje. Kunali kwa maliro, kochokera m'mimba, kokweza, kuja kumene anamuletsa kumudzi kwa apongozi. Analira mwana wake wamkazi amene sanamuone nkhope, analira Edita, analira mtsikana wa nzimbe uja amene anakhulupirira zaka zonsezi kuti anapha mwana wake ndi mamita asanu ndi imodzi a fulanelo. Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda ali ndi mantha.

"A Olipa, kwagwanji? Mwana ali bwino?"

Olipa anakweza thewera lija ndi manja awiri, likuchucha, misozi ndi mvula zikutsikira limodzi m'masaya.

"Ali bwino," anatero, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Wangoipitsa. Taonani mmene waipitsira."

Analitsukuluza katatu monga mwa chizolowezi chake, n'kulifinya, n'kupita nalo pakhonde kukaliyanika pafupi ndi moto, chifukwa m'mawa lidzafunikanso.